Semikoloni m'maimelo a kuntchito: iikidwe pati, ichotsedwe pati?

KalalikiWaKuLimbe
Akuluakulu, ndithandizeni pa nkhani ya semikoloni, kachizindikiro kaja kokhala ndi kadontho pamwamba ndi kamchira pansi. Chiganizo ichi chili mu imelo yopita ku ofesi ya zandalama, ndipo abwana achibweza ati sichikumveka:

"Matumba 200 a simenti anafika ku Limbe Lachiwiri; ndipo 35 mwa iwo ananyowa, komabe kalaliki wa kusitolo anasayina kuti katundu yense ali bwino; chifukwa sanavundukule tenti, musalipire invoisi nambala 418 kufikira Lachisanu; Tikudikira lipoti la amanijala."

Chalakwika n'chiyani kwenikweni? Ena muofesi muno akuti ndichotse masemikoloni onse, ndiike mipumiro. Ena akuti chiganizo chikatalika chimafuna semikoloni basi. Ine ndikufuna lamulo loti ndizilitsata ngakhale polemba m'Chingerezi, osati kungondikonzera chimodzichi.

Chigumula22
Ikani mafulusitopu basi achimwene. Palibe amene angakubwezereni imelo chifukwa cha fulusitopu.

Nangozo_Ndirande
Ine ndimadziwa kuti semikoloni ndi yopumira. Pa mpatuliro mumapuma pang'ono, pa mpumiro mumaima ndithu, ndiye semikoloni ili pakatikati. Werengani chiganizocho mokweza, pamene mpweya wakutherani iikeni pamenepo.

MkonziWaZolemba
Achemwali a Nangozo, zoti ili pakatikati pa ziwirizo n'zoona, koma mpweya si muyeso wabwino. Anthu awiri akawerenga chiganizo chimodzi apumira malo osiyana. Muyeso uli m'mawu enieniwo.

A Kalaliki, chitani izi. Phimbani ndi chala zonse zili kumanja kwa semikoloni, muwerenge za kumanzere zokha. Kenako phimbani za kumanzere, muwerenge za kumanja. Mbali iliyonse iyenera kukhala yoti mutaitumiza payokha ngati uthenga wa pafoni, wolandirayo amva osafunsa kuti "mwathera panjira?" Ngati mbali zonse ziwiri zaima pazokha, semikoloni ikhoza kukhalapo, ndipo mpumiro ukhozanso kukhalapo. Ngati mbali imodzi yagwa, zonse ziwirizo sizikuloledwa pamalopo.

Tiyeni tiyese pa chiganizo chanucho. Chili ndi mawu 36 ndi masemikoloni 3.

Yoyamba ili patsogolo pa "ndipo". Kumanzere kwaima, kumanjanso kwaima. Vuto ndi loti "ndipo" ndi mlumikizi, wagwira kale ntchito yomanga mbali ziwirizo, ndiye mwamanga mtolo umodzi ndi zingwe ziwiri. Sankhani chimodzi. Mukasunga "ndipo", ikani mpatuliro patsogolo pake. Mukasunga semikoloni, "ndipo" achoke: "Matumba 200 anafika Lachiwiri; 35 mwa iwo ananyowa."

Malo amene amafunadi chizindikiro cholemera ndi amene mwaikapo chopepuka, patsogolo pa "komabe". Pamenepo nkhani yakhota, yachoka pa simenti yapita pa kalaliki. Mpatuliro sungathe kunyamula ziganizo ziwiri zathunthu. Pakufunika semikoloni kapena mpumiro.

Yachiwiri ndiye yawononga kwambiri. "Chifukwa sanavundukule tenti" ndi chifukwa chimene kalaliki anasayinira molakwa. Inu mwachidula, mwachikankhira kutsogolo, ndipo chakamamatira pa "musalipire". Wa zandalama awerenga kuti invoisi yaimitsidwa chifukwa tenti sinavundukulidwe, pamene yaimitsidwa chifukwa simenti yanyowa. Pamalo amenewo pasakhale chizindikiro chilichonse.

Yachitatu mwaitsatiza ndi chilembo chachikulu, "Tikudikira". Semikoloni sitseka chiganizo, ndiye mawu otsatira amayamba ndi chilembo chaching'ono, pokhapokha likhale dzina ngati Limbe kapena Lachisanu. Dzanja lanu linadziwa kale kuti apo pakuyamba chiganizo china. Limvereni, ikani mpumiro.

KalalikiWaKuLimbe
Zikomo akulu. Za "chifukwa" zija ndaziona tsopano, abwana anazungulizadi mawu omwewo. Koma kodi mbali "yoima payokha" si mbali iliyonse yokhala ndi mneni? "Sanavundukule" ndi mneni.

MphunzitsiWopuma
Mwafunsa bwino mwanawe, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. M'Chichewa liwu limodzi likhoza kukhala chiganizo chonse. "Afika." "Tasayina." Mwininkhani ali m'kati mwa mneni momwemo. Chifukwa cha ichi munthu akangoona mneni amayesa kuti mbaliyo yakwana.

Yang'anani maonekedwe a mneniyo ndi liwu limene lamutsogolera. "Galimoto inafika ku Chirimba" chaima. "Galimoto itafika ku Chirimba" sichinaime, khutu likudikira kuti itafika kunachitika chiyani. "Mukalandira katundu" sichinaime. "Posayina fomuyo" sichinaime. Chimodzimodzi mbali iliyonse yoyamba ndi "pamene", "ngakhale", "popeza", "ngati", "amene", "kuti" kapena "chifukwa". Mawu amenewa ali ngati ngolo, amafuna ng'ombe yowakoka. Semikoloni imadula chingwe pakati pa ngolo ndi ng'ombe.

Mbali yotereyi ikakhala koyambirira, imatsatidwa ndi mpatuliro: "Galimoto itafika ku Chirimba, alonda anawerenga matumba." Ikakhala kumapeto, nthawi zambiri sipafunika kanthu: "Alonda anawerenga matumba galimoto itafika."

Ndikupempheninso kuti pokambiranapa tizinena kuti mpatuliro. Tikamatchula dzina lake lachingerezi lija m'kalembedwe kathu limatuluka "koma", ndiye tisokonezana ndi "koma" wotsutsa uja, amene tikambenso za iye posachedwa.

Zingwangwa_Boy
Ine yanga ndi yosiyana pang'ono. Ndikalemba ma adiresi a anthu ambiri pamwamba paja ndi kuwasiyanitsa ndi mpatuliro, imelo imakana kupita. Mnzanga akuti ndiziika semikoloni. Ndiye lamulo la chala lija ligwira bwanji pamenepo?

Chigumula22
Aise, anthu akukamba za m'chiganizo, osati m'bokosi la ma adiresi.

WaMakompyuta_Chichiri
Musiyeni, funsolo ndi labwino ngakhale lili la nkhani ina. A Zingwangwa, pamenepo si galamala, ndi mmene pulogalamu inapangidwira. Outlook ya pakompyuta imasiyanitsa ma adiresi a mu To ndi Cc pogwiritsa ntchito semikoloni. Chifukwa chake n'chakuti m'maofesi ambiri mayina amasungidwa moyamba ndi dzina la bambo, kenako mpatuliro, kenako dzina loyamba. Ikanati izitenga mpatuliro ngati malire, munthu mmodzi ikanamuyesa anthu awiri. Gmail imalandira mpatuliro bwinobwino.

Ngati mukufuna kuti Outlook yakaleyo izilandira mpatuliro, pitani apa:

```
File > Options > Mail > Send messages
```

Mupeza kabokosi kolembedwa kuti Commas can be used to separate multiple message recipients. Chongani pamenepo.

Zingwangwa_Boy
Zatheka bwana. Nanga mu Excel? Laputopu ina ya muofesi imakana fomula mpaka uike semikoloni.

WaMakompyuta_Chichiri
Imeneyo inatcheredwa chigawo cha dziko limene limalemba manambala osakwana ndi mpatuliro m'malo mwa kadontho. Makompyuta otcheredwa za ku South Africa amachita zimenezi. Popeza mpatuliro watengedwa kale ndi manambala, fomula imafuna chonchi:

```
=SUM(A1;B1)
```

Zimasinthidwa mu Region ya Windows, pa List separator. Koma tibwerere ku simenti ya a Kalaliki.

Akauntanti_Makata
Ndiyankhule ngati mmodzi wa anthu amene amalandira maimelo otere. Zizindikiro zikhoza kukonzedwa zonse, imeloyo n'kukhalabe yovuta, chifukwa chimene wa zandalama akufuna chabisika pa liwu la nambala 27. Pamndandanda wa maimelo pamaoneka mutu ndi mzere woyamba wokha, ndipo pafoni mzerewo ndi waufupi kwambiri. Munthu aona "Matumba 200 a simenti anafika ku Limbe" n'kuganiza kuti ndi uthenga wongodziwitsa, zonse zili bwino. Akhoza kukonza malipiro asanaitsegule n'komwe.

Lamulo limene ndingakupatseni ndi ili. Mbali iliyonse imene ikuuza munthu chochita, kapena ili ndi tsiku lomaliza, kapena ndalama, ikhale chiganizo pachokha, chotsekedwa ndi mpumiro mbali zonse. Isakhale kuseri kwa semikoloni. Diso limatenga zimene zili pambuyo pa semikoloni ngati ndemanga ya zimene zanenedwa kale, ndiye limathamangapo. Ine ndikanalemba chonchi:

"Musalipire invoisi nambala 418 kufikira Lachisanu. Matumba 200 a simenti anafika ku Limbe Lachiwiri, ndipo 35 mwa iwo ananyowa. Komabe, kalaliki wa kusitolo anasayina kuti katundu yense ali bwino chifukwa sanavundukule tenti. Tikudikira lipoti la amanijala."

Ziganizo zinayi, semikoloni palibe.

Nangozo_Ndirande
Ndiye kuti a Chigumula ananena zoona poyamba paja? Tingozitaya basi?

MkonziWaZolemba
Ananena zoona theka. Paliponse pamene semikoloni yalumikiza ziganizo ziwiri molondola, mukhoza kuikapo mpumiro osalakwitsa galamala. Koma zimenezi sizitanthauza kuti paliponse pamene munthu waika semikoloni mukhoza kungosinthapo mpumiro. Tayesani pa yachiwiri ija: "...katundu yense ali bwino. Chifukwa sanavundukule tenti, musalipire invoisi." Cholakwa chija chikadalipo, ndipo tsopano chalimba kuposa kale. Yambani mwayesa ndi chala, kenako musankhe chizindikiro.

Ndipo pali malo amene semikoloni imachita zimene mpumiro sungachite bwino. Ndi pamene mfundo ziwiri zazifupi zikuyang'anizana ngati mbale ziwiri za sikelo:

"Matumba 165 ali bwino; 35 ananyowa."
"Ofesi ya ku Limbe yatumiza lipoti; ya ku Lunzu sinatumize."

Apa mukufuna kuti munthu aziwerenge ndi mpweya umodzi, aone kusiyanako nthawi yomweyo. Mukaika mpumiro zimamveka ngati nkhani ziwiri. Onaninso kuti mbali yachiwiri yabwereka mawu ku mbali yoyamba. Sitinabwereze "matumba" kapena "ofesi", koma mneni ali ndi mwini wake ndipo chiganizo chaima.

Muyeso wanga pa imelo ya kuntchito ndi woti chiganizo chimodzi chisapitirire semikoloni imodzi yolumikizira, ndipo zonse pamodzi zisapitirire mizere iwiri ya pakompyuta. Zikapitirira apo, dulani.

Akauntanti_Makata
Ndikuvomereza za sikelozo, koma pali malire amodzi oti tiwatchule. Semikoloni imangonena kuti ziwirizi n'zapachibale, sinena kuti chibale chake n'chotani. Taonani ichi: "Musalipire kufikira Lachisanu; tikudikira lipoti la amanijala." Galamala yake ili bwino. Koma Lachisanu likafika lipoti lisanabwere, ndilipire kapena ndisalipire? Wolembayo m'mutu mwake akudziwa. Ine sindikudziwa. Pa nkhani ya ndalama lembani liwu lenileni: "Musalipire mpaka titalandira lipoti la amanijala. Tikuliyembekezera Lachisanu." Ngati tanthauzo ndi limenelo.

KalalikiWaKuLimbe
Tanthauzo ndi limenelo ndithu mayi. Ndiye kuti ngakhale chokonzedwa chija chinali ndi bowo.

Bangwe_Mlembi
Funso langa ndi la Chingerezi, popeza maimelo ambiri m'tauni muno timalemba m'Chingerezi. Word imandidulira mzere pansi ndikalemba mpatuliro patsogolo pa however. Koma ndikalemba mpatuliro patsogolo pa but siidandaula. Nanga si mawu awiriwa tanthauzo lake ndi limodzi?

MkonziWaZolemba
Tanthauzo ndi lofanana, koma ntchito yawo ndi yosiyana. But ndi mlumikizi weniweni, monga and, or ndi so. Amenewa amatha kugwira ziganizo ziwiri ndi mpatuliro wokha. However salumikiza, amangosonyeza kumene ganizo likulowera. Anzake ndi therefore, moreover, otherwise, nevertheless ndi meanwhile. Akakhala pakati pa ziganizo ziwiri zathunthu, kalembedwe kake ndi kamodzi mwa iti:

```
...; however, ...
... . However, ...
```

Chizindikiro cholemera patsogolo, mpatuliro pambuyo. Njira yowazindikirira ndi kuyesa kuwasuntha. However mukhoza kumuchotsa koyambirira n'kumuika pakati kapena kumapeto kwa chiganizo chachiwiricho, chikhalabe bwino. But sasunthika, amangokhala pamalire pomwepo. Liwu losunthika silingakhale msomali wogwira matabwa awiri.

Chenjezo limodzi. However akalowa pakati pa chiganizo chimodzi, osati pakati pa ziwiri, amazunguliridwa ndi mipatuliro iwiri basi. Anthu ena akamva lamulo loyambalo amayamba kuika semikoloni paliponse pamene aona however. Yesani ndi chala poyamba. Ngati kumanzere kuli dzina lokha lopanda mneni, semikoloni isayandikire.

MphunzitsiWopuma
M'Chichewa "komabe", "choncho", "motero" ndi "kuwonjezera apo" ndimawatenga ngati gulu la however lija, ndipo "koma" ndi "ndipo" ngati gulu la but. Kungoti muyeso wosuntha uja sugwira kwathu kuno. Palibe amene amati "ife, komabe, tapita". Chimenecho ndi Chingerezi chovala Chichewa. Ine ndimayesa ndi khutu. Mukanena "komabe" liwu limatsika lisanafike pamenepo, ngati mwamaliza, kenako n'kuyambiranso. Pa "koma" liwu limangopitirira.

Nangozo_Ndirande
Aphunzitsi, si mpweya womwe uja ndinanena ine uwu?

MphunzitsiWopuma
Mwandigwira pang'ono, mayi. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndikumvetsera pamene liwu latsika, osati pamene chifuwa chatopa. Koma ndivomere kuti khutu lili ndi gawo lake.

AlangiziKuMudzi
Ndibweretse yanga, chifukwa apa mpumiro sundithandiza. Uwu ndi uthenga wopempha ndalama za mafuta a maulendo atatu:

"Tikupempha ndalama za maulendo awa; Lunzu, Blantyre, Lolemba, K85,000, Bvumbwe, Thyolo, Lachitatu, K120,000, Nchalo, Chikwawa, Lachisanu, K210,500."

A zandalama afunsa kuti maulendo ndi atatu kapena asanu ndi limodzi. Ndikaika mipumiro zituluka zidutswa zopanda mneni.

MkonziWaZolemba
Bambo Alangizi, apa ndiye pakhomo penipeni pa semikoloni, ndipo iyi ndi ntchito yake yachiwiri, imene lamulo la chala silikhudza. Mndandanda ukakhala ndi zinthu zimene m'kati mwake muli kale mipatuliro, malire a pakati pa chinthu ndi chinzake amafuna chizindikiro chokulirapo. Mu uthenga wanuwo mpatuliro ukugwira ntchito zitatu nthawi imodzi. Ukusiyanitsa malo ndi boma lake, ukusiyanitsa ulendo ndi ulendo, ndiponso uli m'kati mwa ndalama. Munthu wosadziwa kuti Bvumbwe ili m'boma la Thyolo awerenga ngati malo awiri.

Chinanso, semikoloni imene mwaika pambuyo pa "awa" si malo ake. Pamenepo pamafunika koloni, timadontho tiwiri tija, chifukwa mukulozera zimene zikubwera. Koloni imati "nazi". Semikoloni sinena zimenezo. Cholakwa ichi chimachuluka chifukwa ziwirizi zili pa batani limodzi, kumanja kwa L. Mukalidina lokha mupeza semikoloni, mukalidina pamodzi ndi Shift mupeza koloni. Chala chikachedwa pa Shift, zalakwika kale, ndipo pasikirini yaing'ono kamchira kaja sikaoneka bwino.

Ziyenera kukhala chonchi:

"Tikupempha ndalama za maulendo atatu awa: Lunzu, Blantyre, Lolemba, K85,000; Bvumbwe, Thyolo, Lachitatu, K120,000; ndi Nchalo, Chikwawa, Lachisanu, K210,500."

Onani kuti yomaliza ili patsogolo pa "ndi". M'mndandanda wotere zimenezo n'zololedwa, chifukwa mukaisiya ulendo wachitatu umamatira pa wachiwiri. Ndawonjezeranso liwu loti "atatu" kuti wowerenga adziwiretu chiwerengero.

Akauntanti_Makata
Zalondola, koma ine ndikanakonda ulendo uliwonse ukhale pamzere wakewake, ndipo pansi pakhale chiwonkhetso, K415,500. Nambala yogundana ndi semikoloni, ngati "K85,000;" ija, imavuta kuikopera. Ukaisankha ndi mausi umatenga ndi kachizindikiroko, ukaiika mu Excel imakhala mawu osati nambala, ndipo siwonkhetseka.

AlangiziKuMudzi
Mizere ndimaikonda, koma maimelo ambiri ndimalembera pafoni ndili kumunda, ndipo timadontho ta mndandanda tija nthawi zina timasokonekera kwa wolandira.

WaMakompyuta_Chichiri
Musagwiritse batani la mndandanda. Ingodinani Enter pakutha pa ulendo uliwonse, muyambe mzere watsopano ndi 1, 2, 3 wolemba nokha. Zimenezo zimafika mmene mwazilembera, kaya wolandira akuwerenga pa chiyani. Semikoloni pafoni mumaipeza mukadina batani la manambala ndi zizindikiro, ?123 pa Gboard, 123 pa iPhone.

Bangwe_Mlembi
Nanga mizereyo ikakhala payokhapayokha, kumapeto kwake tiziika semikoloni? M'maminitsi a misonkhano ndi m'makontirakiti ndimaona mzere uliwonse ukuthera ndi semikoloni, womaliza wokha ndi mpumiro.

MkonziWaZolemba
Kalembedwe kameneko n'kolondola, ndipo azamalamulo ali ndi chifukwa chokagwiritsira ntchito. Mizere yonseyo ndi chiganizo chimodzi chimene changoyalidwa motsika, ndipo mzere wotsatizana ndi womaliza umathera ndi "ndi" kapena "kapena". Liwu limenelo ndi limene limanena ngati muyenera kukwaniritsa mfundo zonse kapena imodzi yokha. Mu imelo ya tsiku ndi tsiku sizifunika. Mzere watsopano wagwira kale ntchito ya malire. Ngati mzere uli chiganizo chathunthu, utsekeni ndi mpumiro. Ngati ndi dzina ndi ndalama chabe, usiyeni wopanda kanthu. Chachikulu n'choti mizere yonse ifanane, osati wina semikoloni, wina mpumiro, wina mbee.

Chigumula22
Ndiye mwavomereza kuti ngakhale m'mndandanda tikhoza kuithawa.

MkonziWaZolemba
Mukhoza, pamene pali malo oyala mizere. M'kati mwa ndime, kapena m'kabokosi ka fomu kolola mzere umodzi wokha, simungaithawe.

MphunzitsiWopuma
Pali chimodzi chimene sindikugwirizana nacho pa zokonza za mayi Akauntanti. Akadula chiganizo chachitali, anthu amayamba chotsatira ndi "Koma" kapena "Ndipo". Ife tinkaphunzitsa kuti mlumikizi sayamba chiganizo, chifukwa ntchito yake ndi kulumikiza. M'kalata yopita kwa akuluakulu a kampani ine sindingalole. Pamenepo ndi pamene ndingaike semikoloni patsogolo pa "koma", makamaka mbali zonse zikakhala zazitali ndipo zili kale ndi mipatuliro. Mwachitsanzo: "Talandira simenti, mchenga, njerwa ndi malata, monga munalonjezera; koma zitseko, mafelemu ndi magalasi sizinafike."

MkonziWaZolemba
Chitsanzo chanucho ndikuchilandira, aphunzitsi. Mipatuliro ikachuluka, wina wowonjezera patsogolo pa "koma" amasowa m'gulu, ndipo wowerenga saona pamene nkhani yatembenukira. Apo semikoloni ikuthandiza. N'zosiyana ndi ya a Kalaliki yoyamba ija, imene mbali zake zinali zazifupi zopanda mpatuliro.

Koma zoti mlumikizi sayamba chiganizo sindikuvomereza. Limenelo ndi lamulo la m'kalasi, lothandiza ana kuti asamalembe zidutswa. Tsegulani nyuzipepala kapena Baibulo la Chichewa, mupeza ziganizo zambirimbiri zoyamba ndi "Ndipo" ndi "Koma". Mu imelo, "Koma zitseko sizinafike" ikakhala payokha imaoneka msanga, ndipo ndi imene ikufuna kuti wina achitepo kanthu.

MphunzitsiWopuma
Nyuzipepala si kalata ya kuofesi. Pamenepa tisiyana maganizo, akulu.

Akauntanti_Makata
Kwa ine zitengera amene akulandira. Kwa bodi kapena kwa opereka thandizo ndingatsate aphunzitsi. Kwa anzanga a muofesi ndingadule.

Nangozo_Ndirande
Kafunso kakang'ono. Pa moni paja, ena amalemba "Okondedwa bwana;" kenako n'kutsika mzere. Zili bwino?

MkonziWaZolemba
Ayi. Pamenepo ndi mpatuliro, kapena osaika kanthu. Makalata a ntchito a ku America amaika koloni, ndipo mwina ndi kumene chisokonezocho chimachokera. Semikoloni pa moni silowa, ngakhalenso pa "Ine wanu" kumapeto. Poilemba, imamatira ku liwu la kumanzere popanda mpata, kenako mpata umodzi kumanja.

KalalikiWaKuLimbe
Nayi imene ndatumiza, ndaphatikiza malangizo a nonse:

"Chonde musalipire invoisi nambala 418 mpaka titalandira lipoti la amanijala. Tikuliyembekezera Lachisanu. Matumba 200 a simenti anafika ku Limbe Lachiwiri. Mwa amenewa, 165 ali bwino; 35 ananyowa. Kalaliki wa kusitolo anasayina kuti katundu yense ali bwino chifukwa sanavundukule tenti."

Yatsala semikoloni imodzi yokha. "Komabe" ndamuchotsa chifukwa ndinaona kuti mfundoyo ikumveka popanda iye. Chimene chikundikayikitsa n'chakuti mwina tsopano ikumveka youma, ngati ndikulamula akuluakulu anga. Ziganizo zazifupi zotsatizana sizimveka zamwano?

MphunzitsiWopuma
"Komabe" ndikanamusiya ine. Ndi amene amachenjeza wowerenga kuti pepala limene lili m'faelo likutsutsana ndi zimene mwangonena kumene. Popanda iye, chiganizo chomalizacho chikuoneka ngati nkhani yongowonjezera.

Akauntanti_Makata
Pa "komabe" ndili ndi aphunzitsi. Pa zaulemuzo musadandaule. Ulemu uli mu "chonde" munaika uja, m'moni, ndi mu "mu-" wa "musalipire", osati m'kutalika kwa chiganizo. Ngati mukuonabe kuti yauma, lumikizani ziwiri zoyambazo ndi "limene": "...mpaka titalandira lipoti la amanijala, limene tikuliyembekezera Lachisanu." Patsogolo pa "limene" pakhale mpatuliro, chifukwa mbali imeneyo singaime payokha. Mu imelo yotsatira mudzanenenso ngati wogulitsa atumize invoisi ina ya matumba 165 kapena abweretse 35 ena, poti funso limenelo lidzabwera Lachisanu lomwelo.